Masikirinishoti a mitengo ya chimanga: ndigulitse pano kapena ndidikire kaye?

Alamu anga a ku Domasi anabwera kwathu ku Chinamwali kumapeto kwa Ogasiti atanyamula foni yodzadza ndi masikirinishoti, mwina 30 kapena kuposa, onse a mitengo ya chimanga. Ena anachokera pa gulu la alimi la pa WhatsApp, ena anawatumizira mwana wawo wa ku Blantyre, ena kaya anachokera kuti iwonso anaiwala. Funso lawo linali limodzi basi, "alamu, matumba 20 ndili nawo aja ndigulitse kapena ndidikire, poti apa akuti 60 sauzande thumba koma venda wa pa Songani akundiuza zina."

Vuto la sikirinishoti ndi loti imaoneka ngati umboni. Nambala yalembedwa bwinobwino, mwina pali ndi kachizindikiro ka bungwe pamwamba, ndiye munthu umangoti eee chimanga chakwera. Koma nambala imene ili pa foniyo si ndalama imene ilowe m'thumba mwanu, ndipo sikirinishoti imodzi payokha sikuuzani kuti mtengo ukupita kuti. Chimene chimathandiza ndi kuziika pamzere masabata angapo, zofanana zokhazokha, kenako n'kuona ngati kukwera kwa mtengo kukuposa zimene mukutaya posunga. Ndifotokoza mmene tinachitira ndi alamu. Manambala a mitengo ndiika apawa ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke, musawatenge kuti ndi mtengo wa lero, inu muikemo anu.

Tinayamba ndi kutaya. Pa zithunzi 30 zija zimene zinatsala zothandiza sizinafike ndi theka lomwe.

Yoyamba kuitaya inali ya 60 sauzande ija, imene inawapatsa alamu chimwemwe. Titaiyang'anitsitsa unali mtengo wa mumsika waukulu wa mutauni, umene amalipira munthu wogula kuti akagaitse. K60,000 pa thumba la makilo 50 ndi K1,200 pa kilo, zoona, koma umenewo ndi mtengo wogulitsira venda, osati wogulira. Venda amene wakhala pansi pa mtengo ndi sikelo yake akugula kwa inu ayenera kuchotsa transipoti, chiphaso cha msika, anyamata onyamula, ndi phindu lake, ndiye pakati pa mitengo iwiriyi pamakhala mpata nthawi zonse. Mlimi akaona wa mutauni n'kupita nawo kwa venda kuti undigule chonchi, amangokangana zachabe tsiku lonse. Malipoti a mwezi ndi mwezi a chimanga amene a bungwe lofufuza za chakudya la IFPRI amatulutsa, amene anthu amakonda kujambula n'kumatumizirana, mitengo yake yambiri ndi yogulira anthu wamba pamsika. Ndi abwino poona ngati dziko lonse mtengo ukukwera kapena kutsika, komanso kuti kuno kummwera zikusiyana bwanji ndi kumpoto, koma akamakufikani amakhala akunena za mwezi watha, ndiye si oti mupite nawo pa sikelo mawa mmawa.

Ina inali ya mndandanda wa mitengo yoyambira imene unduna wa zaulimi umalengeza chaka ndi chaka nthawi yokolola. Imeneyo ndi mtengo umene boma likunena kuti ogula asatsike kuposa pamenepo. Sikusintha sabata ndi sabata, ndipo tonse tikudziwa kuti mu Meyi ndi Juni kumudzi mavenda ambiri amagula pansi pake, pomwe pofika miyezi ya njala msika umakhala utaudutsa kalekale. Sungani kuti muzidziwa, koma pamzere wathu sikulowa.

Kenako nkhani ya tsiku, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. Sikirinishoti pamwamba pake imaonetsa nthawi, batire ndi netiweki, tsiku siliwoneka. Chithunzi chikhoza kuzungulira magulu masabata atatu, munthu wina n'kuchitumiza lero mmawa, inu n'kumaona ngati ndi mtengo wa lero. Dzina la chithunzi mu foni, lokhala ngati IMG-20240715-WA0003, limakuuzani tsiku limene chinalowa mu foni yanuyo, osati tsiku limene mtengowo unali pamsika. Mukaona pamwamba palembedwa Forwarded many times dziwani kuti chayenda kwambiri chimenecho. Ife tinagwirizana kuti chithunzi chilichonse chopanda tsiku mkati mwake, kapena chimene wotumiza sangatiuze kuti anafunsa liti ndipo kwa ndani, chipite. Alamu anadandaula pang'ono poti zina mwa zotayidwazo ndi zimene zinali ndi mitengo yokoma. Zimakhala choncho, zithunzi za mtengo wokwera ndi zimene zimathamanga m'magulu, palibe amene amatumiza chithunzi chonena kuti mtengo uli pomwe unali sabata yatha.

Muyezo nawonso. Wina walemba pa kilo, wina pa thumba, wina pa ndowa, wina pa chigoba cha malita 5. Zonse zibwere pa kilo. Thumba gawani ndi 50, koma funsani kaye ngati ndi lopimidwa pa sikelo kapena ndi lija losokerera pamwamba limene limadutsa makilo 50 ndi kutali. Ndowa ya malita 20 si makilo 20 ayi, ikadzadza mosefukira pang'ono chabe imakhala pafupi ndi makilo 15, ndipo ya mavenda ena inatenthedwa ndi madzi otentha n'kufufuma mimba, ndiye mtengo wa pa ndowa musauwerengere musanapime ndowayo nokha.

Ndipo msika ukhale umodzi. Alamu anali atasakaniza Songani, Thondwe, Jali ndi Lunzu pamodzi, sabata ino nambala ya uku, sabata ya mawa ya uko, ndiye zinkaoneka ngati mtengo ukudumphadumpha pomwe chimene chinkasintha ndi malo. Msika wanu ndi umene mungafikitseko matumba anu, kwa iwo ndi Songani. Enawo tinawaika pambali kuti atithandize kutsimikiza, ndibwerakonso.

Zitatha izi tinatenga kope la mwana wa sukulu n'kulemba mtengo umodzi pa sabata, wogulira mavenda pa Songani, pa kilo. Sabata imene panali manambala atatu osiyana, tinene 980, 1,000 ndi 1,080, tinkatenga wapakati, osati wapamwamba. Kuyambira sabata yoyamba ya Julaye mpaka kumapeto kwa Ogasiti mzere unatuluka chonchi: 900, 900, 940, 1,000, 1,150, 1,040, 1,060, 1,070.

Munthu akangoona mzere umenewu amati aa chimanga chikukwera, dikirani. Inde chakwera, K170 pa masabata 8. Koma chofunika kuwerenga si manambalawo ayi, ndi mipata ya pakati pawo. Pansi pa mzere uja tinalemba wina, woonetsa kusintha kwa sabata iliyonse: 0, kenako kukwera 40, kukwera 60, kukwera 150, kutsika 110, kukwera 20, kukwera 10. Apa nkhani yasintha. Mtengo ukukwerabe koma mphamvu yake ikuchepa, kuchoka pa 60 kufika pa 20 kufika pa 10. Zili ngati minibasi yokwera chitunda, ikupitabe kutsogolo koma mukumva injini kuti yatopa.

Nanga 1,150 uja? Alamu ankangomuloza kuti "apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndikanagulitsa." Mwina. Koma tinaimbira munthu amene anatumiza chithunzicho ndipo anati kunabwera lole ya wogula wina amene ankafuna kudzadzitsa msanga, anagula masiku awiri, itadzadza anapita, mtengo n'kubwerera. Apa ndi pamene misika ina ija inatithandiza. Sabata yomweyo ku Thondwe ndi ku Jali mtengo sunadumphe, unangosuntha pang'ono ngati masabata ena onse. Mtengo ukadumpha msika umodzi wokha, ndi wogula mmodzi ameneyo, ndipo chithunzi chikamakufikani lole imakhala ili pa Namadzi. Ukakwera misika itatu inayi nthawi imodzi n'kukhala pomwepo masabata awiri, pamenepo ndiye kuti chimanga chayambadi kuchepa. Ndiye 1,150 tinamuzunguliza ndi pensulo n'kumusiya kunja kwa masamu. Phunziro lake ndi lina, loti ngati mukufuna kugwira mwayi wotere matumba akhale osoka kale, opimidwa, ndipo nambala ya wa njinga yamoto ikhale pafupi, chifukwa mwayi wake ndi wa maola.

Tsopano mtengo wa pa Songani si wa alamu mpaka titachotsa ulendo. Kuchoka kumudzi kwawo kufika pamsika amalipira K2,000 pa thumba, ndiye kuti K40 pa kilo. 1,070 kuchotsa 40 kutsala 1,030, thumba limodzi K51,500. Onani kusiyana kwake ndi 60 sauzande imene anabwera nayo m'mutu. Ndipo izi ndi ngati sikelo ya venda ili yoona. Ikamadya kilo imodzi pa thumba, pa matumba 20 mwataya makilo 20, ndalama yoposa K20,000, imene ndi yofanana ndi kukwera konse kwa sabata ya 7. Pimani thumba limodzi kwina musanapite, kapena nyamulani paketi ya shuga ya kilo imodzi yosatsegula muione pa sikelo yakeyo, ngakhale ena amakwiya mukatero.

Mbali imene sikirinishoti siionetsa konse ndi mtengo wa kudikira. Chimanga chili m'nyumba sichikhala chete.

Kumayambiriro chimataya madzi. Chimanga chimene chalowa m'thumba ndi chinyezi cha 16 pa 100 chikauma kufika pa 13, thumba la makilo 50 limatsala pafupifupi 48.3. Ndi chifukwa chake mitengo ya mu Meyi imaoneka yonyozeka kwambiri, mbali ina venda akuchotseratu madzi amene akugula. Ndiye mukamayerekeza chithunzi cha mu Meyi ndi cha mu Ogasiti, kukwera kwina mukuonako ndi madzi anauluka, thumba lanu lomwelo lapepuka. Cha alamu chinali chouma kale, tinayesa ndi mchere, kuika chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo louma n'kukhutchumula, mchere sunamatirire m'mbali. Kenako pali anankafumbwe, makoswe ndi chuku. Wothira mankhwala ngati Actellic kapena wosunga m'matumba a PICS amataya zochepa koma walipira, wosathira amadzapeza ufa pansi pa thumba mu Novembala ndipo venda akangolowetsa dzanja n'kuona mbewu zobooka amatsitsa mtengo pomwepo, zithunzi zanu zonse zija osagwiranso ntchito poti izo zikunena za chimanga chabwino. Ife tinayerekeza kuti mankhwala obwereza ndi kutayika pang'onopang'ono zikuwadyera alamu K20 pa kilo mwezi uliwonse.

Koma chachikulu chinali china, ndipo anachitchula mochedwa, tikumwa tiyi. Ali ndi ngongole ya K200,000 ku banki mkhonde, gulu lawo limatenga 20 pa 100 pamwezi. Ndiye kuti mwezi uliwonse K40,000 ikupita. Ndinawauza kuti "alamu, ngongole imeneyi ndi matumba anayi, tiyeni tiwaone paokha." Matumba anayi pa K51,500 ndi K206,000, ngongole yatha lero lomwe. Akawasunga, kuti asaluze, matumba anayiwo ayenera kukwera ndi K40,000 pamwezi, ndiye kuti K200 pa kilo. Kope likuti masabata awiri omaliza mtengo wakwera 20 ndi 10, tinene 15 pa sabata, K60 pamwezi. Ngakhale titatenga masabata onse 8, ndi K170 pa masabata 7 a kusintha, sikufika ndi K100 yomwe pamwezi. Apa palibe chokambirana, matumba anayi agulitsidwe sabata yomweyo. Anthu ambiri amene amati ndikudikira mtengo ukwere ali ndi katapila kapena ngongole ya gulu, ndipo akudikirira phindu la wobwereketsa.

Matumba 16 otsalawo nkhani yake ndi ina, alibe mwini wina. Akukwera K60 pamwezi, akudya K20, kutsala K40 pa kilo, K2,000 pa thumba pamwezi. Ndi kaphindu kochepa, kosati n'kulimbana nako, ndipo tikanangoyang'ana kope lokha bwenzi titati kaya gulitsani kaya sungani n'chimodzimodzi. Apa m'pamene masabata 8 amaperewera, muyenera kuwonjezera zimene mukudziwa za chaka chonse. Nthawi zambiri kuno chimanga chimatsikitsitsa pokolola, Meyi ndi Juni, n'kumakwera mpaka miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, kenako n'kuyamba kugwa zakumunda zikayamba kucha mu Malichi. Ndiye kufooka kwa mu Ogasiti sikutanthauza kuti nsonga yafika, kukhoza kukhala kupuma chabe.

Koma "nthawi zambiri" si "nthawi zonse". Mu 2017 dziko linakolola bwino, kugulitsa chimanga kunja kunali koletsedwa mpaka cha mu Okutobala, ndipo mtengo unangokhala pansi miyezi yambiri, amene anasunga kudikira njala anagulitsa mtengo womwewo kapena wotsika, chimanga chitafumbwa kale. Kuno kummwera palinso chimanga cholowa kuchokera ku Mozambique chimene chimatha kuugwira mtengo, komanso ADMARC ikatsegula misika yake kapena chimanga cha thandizo chikayamba kugawidwa, ogula pamsika amachepa mwadzidzidzi. Zinthu ngati zimenezi mumazimva pa wailesi zisanaoneke mu sikirinishoti, ndiye mukamva lembani m'mphepete mwa kope pa sabata imeneyo, kuti mukadzaona mtengo wagwa mudziwe chaugwetsa.

Palinso funso limene ndimakonda kufunsa, loti ndalamayo mukufuna mugulire chani. Alamu akufuna fetereza. Ndiye pamzere wa chimanga payenera kukhala mzere wachiwiri, wa mtengo wa thumba la fetereza sabata yomweyo, n'kumagawa kuti fetereza mmodzi akudya matumba angati a chimanga. Ngati mu Julaye ankadya matumba atatu ndipo pano akudya atatu ndi theka, chimanga chanu chatsika ngakhale nambala ya makwacha yakwera. Amene akukumbukira Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 pa 100, akudziwa mmene mitengo ya m'mashopu inasinthira usiku umodzi. Amene anali atagulitsa chimanga n'kusunga makwacha analira, amene anagulitsa n'kugula fetereza tsiku lomwelo anapulumuka. Choncho tsiku labwino logulitsa nthawi zina ndi tsiku limene muli okonzeka kugula chimene mukufunacho, ndalama isagone m'nyumba.

Tinamaliza kugawa motere. Anayi sabata yomweyo, a ngongole. Asanu ndi atatu mu Okutobala, tsiku lomwe akukagula fetereza mvula isanayambe, koma ngati fetereza ayamba kuthamanga kuposa chimanga masabata awiri otsatizana asadikirenso Okutobalayo. Asanu ndi atatu omalizawo ndi oyesera mwayi wa Disembala ndi Januwale, ndipo tinalemba pachikuto cha kope lamulo lake kuti mtima usadzawanyenge: mtengo wa pa Songani ukatsika masabata awiri otsatizana, ndipo Thondwe ndi Jali akutsikanso, agulitse onse, ndipo zivute zitani Febuluwale asathe matumba ali m'nyumba. Nsonga yeniyeni ya mtengo palibe amene amaiona ikubwera, mumaizindikira itadutsa, ndiye kugulitsa magawo atatu kumakupatsani mtengo wapakati wabwinoko m'malo mobetcha matumba onse pa sabata imodzi. Chakudya cha pakhomo anali atachipatula kale, chimenecho sichilowa m'masamu awa, poti kugulitsa pa 1,030 mu Ogasiti n'kudzagula pamtengo wa venda mu Febuluwale ndi kumene kumasaukitsa anthu ambiri kwathu kuno.

Chenjezo limodzi, poti alamu analinso ndi nandolo kumunda ndipo anati achita chimodzimodzi. Kalembedwe ka kope ndi komweko koma kalendala ya chimanga musaisamutsire pa nandolo. Chimanga timadya tonse, njala ikabwera wogula sasowa. Nandolo wouma wambiri amapita kunja, makamaka ku India, kudzera kwa ogula akuluakulu a ku Limbe, ndiye mtengo wake umatsata maoda awo osati njala ya kuno. Mu Ogasiti 2017 India itaika malire pa nandolo wolowa m'dziko lake, mtengo kuno unagwa koopsa ndipo alimi anatsala ndi matumba opanda wogula. Pa nandolo mukaona mipata ija ikuchepa, 60, 20, 10, ndipo masikelo a mavenda ayamba kuchepa pamsika, kawirikawiri ndiye kuti ogula akulu adzadzitsa, musayembekezere Januwale, komanso amafumbwa msanga kuposa chimanga.

Loweruka lotsatira alamu anatumiza matumba anayi aja pa Songani. Venda woyamba anati 1,050, wachiwiri 1,070 koma sikelo yake inaonetsa 49 pa thumba limene anapima kunyumba kuti ndi 50, wachitatu 1,060 ndipo sikelo inaonetsa 50. Anagulitsa kwa wachitatu, K53,000 pa thumba, K570 kuposa zimene akanalandira kwa wa 1,070 uja. Madzulo ananditumizira chithunzi cha tsamba la kope, sabata ya 9 atalemba 1,060, pansi pake kutsika 10, pambali n'kuwonjezera okha kuti lole ziwiri zinatsitsa chimanga cha ku Mozambique mmawa.